Ekisileyi siimatha magazi, koma ku mgodi tiziwerenga mlingo uliwonse

Pali mawu awiri amene ndimawamva kawirikawiri kwathu ku Njuli nkhani ya cheza ikatuluka, ndipo onse awiri ndimakana kuwavomera. Ena amati ekisileyi imatha magazi, munthu akajambulidwa kawiri kapena katatu moyo wake wafupika. Ena amati cheza chochepa ndi chabwinobwino, bola osapyola malire amene boma linaika. Magulu awiriwa amaoneka ngati akutsutsana, koma alakwa pamalo amodzi. Onse akutenga cheza ngati chinthu chovulaza mwa njira imodzi, pamene njira zake ndi ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi masamu ake.

Ine ndimaphunzira za mbiri ndi za nzeru za anthu, sindine wa sayansi. Koma nkhaniyi yafika poti sitingaisiyire akatswiri okha. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene kampani ya Paladin inatsegula mu 2009 n'kuimitsa mu 2014 mitengo itagwa, unagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020 ndipo unayambanso ntchito mu 2025. Dziko lathu lili ndi lamulo la mphamvu za atomu la 2011 komanso bungwe loyang'anira nkhanizi la AERA. Anzanga ena akufuna ntchito ku migodi, ndipo achibale athu tsiku ndi tsiku amatumizidwa kukajambulidwa pachifuwa. Onsewa akufunika kudziwa kuti ndi mantha ati amene ali ndi maziko.

Njira yoyamba ndimaitcha vuto losaphonya. Cheza champhamvu chikalowa m'thupi chimapha maselo. Thupi limataya maselo tsiku lililonse n'kupanga ena, choncho ochepa akafa palibe chimene chimaoneka. Koma akafa ambiri nthawi imodzi, moti otsalawo sangathe kugwira ntchito ya chiwalocho, munthu amadwala. Apa pali poyambira. Pansi pa mlingo umenewo palibe amene amadwala. Pamwamba pake pafupifupi aliyense amadwala, ndipo mlingo ukamakwera matendanso amakula. Zili ngati kachasu. Dontho limodzi siligwetsa munthu, botolo lathunthu limagwetsa aliyense, ndipo womwa mabotolo awiri amavutika kuposa womwa limodzi. Sipafunika kuombeza kuti tidziwe amene agwe.

Mlingo wa mtundu umenewu amauyeza m'magileyi, ndipo mapoyambira ake ndi odziwika. Thupi lonse likalandira theka la gileyi nthawi imodzi, mafuta a m'mafupa amayamba kuchepetsa kupanga maselo a magazi. Pa gileyi imodzi munthu amayamba nseru ndi kusanza. Magileyi awiri pamalo amodzi amafiiritsa khungu, atatu amathothola tsitsi kwa kanthawi. Magileyi anayi kapena asanu m'thupi lonse amapha pafupifupi theka la anthu ngati sanalandire chithandizo. Zimenezi zinaoneka ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu 1987, pamene anthu otola zitsulo anathyola makina ochizira khansa amene anasiyidwa m'chipatala chotsekedwa. M'kati munali ufa wa siziyamu wowala mobiriwira ngati thambo, ndipo anthu anagawana ndi abale awo. Anthu anayi anamwalira m'masabata ochepa, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka 6. Madokotala sanafunike kudikira zaka kuti adziwe chimene chachitika. Kusanza, zilonda za pakhungu ndi kugwa kwa maselo a magazi zinanena zokha.

Ndiye kuti mphekesera ya kutha kwa magazi ili ndi muzu weniweni. Cheza chimathadi kuwononga magazi. Funso ndi lakuti pa mlingo wanji. Kujambula pachifuwa kamodzi kumapereka pafupifupi milisiveti 0.1, mwina kuchepera apo. Milisiveti, imene pa mapepala a kuchipatala imalembedwa mSv, ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a siveti, ndipo pa cheza cha ekisileyi chofika thupi lonse siveti imodzi imafanana ndi gileyi imodzi. Theka la gileyi ndiye mamilisiveti 500. Kuti munthu afike pamenepo angafunike kujambulidwa maulendo 5,000 tsiku limodzi. Amene wajambulidwa katatu m'chaka chimodzi sanayandikire n'komwe poyambira.

Amalume anga anaphwanya miyala m'mbali mwa msewu wa ku Zomba kwa zaka zambiri. Atayamba kutsokomola kwa milungu ingapo, kuchipatala anawauza kuti apereke makhololo komanso akajambulidwe. Makhololo anapereka, koma za kujambulazo anakana. Anandiuza kuti, "Mphwanga, magazi anga ndi ochepa kale, ndikawapereke kwa makina?" Ndinawayankha kuti, "Amalume, cheza chimene mulandire pa makinawo n'chofanana ndi chimene mumalandira kale m'masabata awiri muli khale pakhonde panu." Sindinkawanyengerera ayi. Dothi, miyala, mpweya ndi chakudya zili ndi cheza chachilengedwe, ndipo bungwe la UNSCEAR, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa nkhanizi pansi pa United Nations, linanena mu lipoti lake la 2008 kuti munthu wamba pa dziko lapansi amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pa chaka. Tikagawa ndi masiku 365, milisiveti 0.1 ndi cheza cha masiku 15. Pamene chifuwa chachikulu, chikapanda kuchizidwa, chimapha pafupifupi theka la odwala. Anapita kukajambulidwa.

Ndikanakhoza kuima pomwepa n'kunena kuti bola tili pansi pa poyambira, tonse tili bwino. Koma pali njira yachiwiri, imene ndimaitcha vuto longogwera. Cheza sichimangopha maselo. Nthawi zina chimadula DNA ya selo, selolo n'kudzikonza molakwika koma osafa. Selo lamoyo lokhala ndi malangizo olakwika limatha kuberekana, ndipo patapita zaka likhoza kukhala chiyambi cha khansa. Khansa ya m'magazi imatha kuoneka patapita zaka ziwiri kapena zingapo, pamene khansa za m'mapapo, m'mawere kapena m'mimba kawirikawiri zimatenga zaka khumi kapena kuposa. Apa mlingo susintha kukula kwa matenda, umasintha mpata woti matendawo abwere. Khansa yoyamba ndi cheza chochepa siikhala yofatsa kuposa yoyamba ndi cheza chambiri, ndipo dokotala akaiyang'ana sangathe kuisiyanitsa ndi khansa yobwera chifukwa cha fodya kapena ukalamba.

Izi ndimazifanizira ndi minibasi ya ku Limbe. Ulendo uliwonse uli ndi kampata kakang'ono ka ngozi. Kondakitala amene amayenda maulendo asanu ndi limodzi pa tsiku ali ndi mpata waukulu kuposa agogo amene amapita kamodzi pa mwezi kukagula mankhwala. Koma ngozi ikachitika, agogowo savulala pang'ono chifukwa choti amakwera mwa apo ndi apo. Ndipo palibe amene anganene kuti maulendo khumi oyamba ndi aulere, ngozi imayamba kuwerengedwa pa ulendo wa khumi ndi chimodzi.

Mkangano wa akatswiri uli pa chiganizo chomalizachi. Kodi cheza chilinso chimodzimodzi, kapena pali mlingo wochepa umene thupi limakonza zonse bwinobwino? Malamulo a maiko ambiri amatsatira ganizo limene amalifupikitsa ndi zilembo zitatu, LNT. Ganizoli likuti tikajambula mlingo mbali imodzi ndi mpata wa khansa mbali ina, timapeza mzere wowongoka umene ukuyambira pa ziro, wopanda poyambira. Theka la mlingo ndi theka la mpata. Gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mlingo ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mpata. Mbewu ya ganizoli inadzalidwa ndi Hermann Muller, amene mu 1927 anaonetsa kuti ekisileyi imasintha majini a tintchentche ta pa zipatso, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1946. Manambala ake enieni anachokera kwa anthu opulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki a 1945. Anthu pafupifupi 120,000 akhala akutsatiridwa kuyambira 1950, ndipo mwa amene analandira mamilisiveti oposa 100, khansa inachuluka mooneka, motsatira mlingo. Kuchokera pamenepo bungwe la ICRP, limene limalangiza maiko za chitetezo ku cheza, limawerengera kuti siveti imodzi imawonjezera imfa za khansa pafupifupi 5 pa anthu 100 alionse.

Vuto ndi lakuti pansi pa mamilisiveti 100 chizindikiro chimayamba kumira m'phokoso. Tiyeni tiwerenge limodzi. Malire amene ICRP imalangiza kwa ogwira ntchito ndi mamilisiveti 20 pa chaka, powerengera zaka zisanu, ndipo kwa anthu wamba ndi milisiveti imodzi pa chaka pamwamba pa cheza chachilengedwe ndi cha kuchipatala. Tiyerekeze mgodi wa anthu 1,000, ndipo aliyense akufika pa malirewo chaka chilichonse kwa zaka khumi. Aliyense walandira mamilisiveti 200, gawo limodzi mwa magawo asanu a siveti. Gawo limodzi mwa magawo asanu a 5 pa 100 ndi 1 pa 100. Ndiye kuti mzere wowongoka ukulosera imfa khumi zowonjezera mwa anthu 1,000 amenewo. Palibe amene wasanza, palibe amene wathothoka tsitsi, palibe lamulo lathyoledwa, koma mabanja khumi adzalira maliro zaka makumi awiri kutsogoloku, osadziwa chimene chinayambitsa.

Tsopano titsitse mlingo kufika pa mamilisiveti awiri pa chaka. Pa zaka khumi ndi mamilisiveti 20, ndipo mzere ukulosera imfa imodzi yowonjezera mwa anthu 1,000. Kodi tingaione imfa imodziyo? M'maiko amene kafukufuku wotere amachitika, khansa imapha kale munthu mmodzi mwa asanu kapena anayi alionse. Mwa anthu 1,000 tikuyembekezera kale pafupifupi 200, ndipo tikatenga gulu lina la anthu 1,000 tikhoza kupeza 188, lina 213, popanda chifukwa china koma mwayi chabe. Kusiyanitsa 200 ndi 201 pakati pa kusinthasintha kotere n'kosatheka. Kungafunike anthu mazana a zikwi kapena mamiliyoni, otsatiridwa moyo wawo wonse, odziwika bwino kuti amasuta kapena sasuta. N'chifukwa chake mbali ya pansi ya mzerewu sinayezedwe mwachindunji ngati mbali ya pamwamba. Inajambulidwa ndi lula, kuchokera pamene tikuona kupita pamene sitikuona bwino.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si anthu opusa. Amati maselo ali ndi njira zokonzera DNA, ndipo selo lowonongeka kwambiri limadzipha lokha kapena limachotsedwa ndi chitetezo cha thupi, choncho cheza chobwera pang'onopang'ono sichingafanane ndi bomba limene linapereka zonse m'kamphindi. Amaloza ku madera ngati Kerala ku India ndi Ramsar ku Iran, kumene cheza cha m'nthaka ndi chochuluka kangapo kuposa kwina koma khansa sinaoneke yochuluka momveka bwino. Mu 2005 mabungwe a sayansi ndi a zamankhwala a ku France anatulutsa lipoti lonena kuti mzere wowongoka umakokomeza chiopsezo cha milingo yochepa. Pa nthawi yomweyomweyo akatswiri a ku America, mu lipoti lotchedwa BEIR VII, anayang'ana umboni wofanana n'kunena kuti mzerewo ukhale. Mkanganowu sunathe. Mu 2021 bungwe loyang'anira za nyukiliya ku America linakana mapempho oti lisiye ganizoli, koma mu Meyi 2025 pulezidenti wa dzikolo analamula kuti bungwelo liliganizirenso.

Ovomereza nawonso ali ndi umboni watsopano. Kafukufuku wotchedwa INWORKS anatsatira anthu oposa 300,000 ogwira ntchito za nyukiliya ku France, Britain ndi America, amene ambiri analandira cheza chochepa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Zotsatira zofalitsidwa mu 2023 zinaonetsa kuti imfa za khansa zinkakwera motsatira mlingo, ngakhale pakati pa amene analandira pansi pa mamilisiveti 100. Palinso nkhani ya ladoni, mpweya wopanda fungo umene umatuluka yureniyamu ikamasanduka m'miyala. Kafukufuku wa m'nyumba za ku Ulaya wa 2005 anapeza kuti khansa ya m'mapapo imakwera motsatira kuchuluka kwa ladoni m'nyumba, popanda poyambira pooneka, ndiponso kuti chiopsezocho chimagwera kwambiri osuta fodya. Kwa munthu wa ku mgodi wa yureniyamu mfundo imeneyi ndi yogwirika: fumbi ndi ladoni zimene amapuma zimawonjezera pa cheza chochokera ku miyala, ndipo ndudu ya pa nthawi yopuma imachulukitsa vutolo.

Maganizo anga ndi akuti mzere wowongoka ndi lula yabwino yolembera malamulo, koma ndi mlosi woipa. Ndi lula yabwino chifukwa pamene sitikuona bwino, wina ayenera kusenza kukayikako, ndipo funso lakuti asenze ndani si la sayansi. Kampani ikanena kuti pansi pa mamilisiveti 20 palibe vuto, imapulumutsa ndalama zothirira madzi pa fumbi, zogulira zovala kukamwa, zoyezera antchito. Ikakhala kuti yalondola, yapindula. Ikakhala kuti yalakwa, amene adzalipire ndi mnyamata wa ku Karonga kapena wa ku Chiradzulu amene khansa idzamupeze atasiya ntchito kalekale, kampaniyo mwina itagulitsidwa kawiri, ndipo sadzatha kutsimikizira bwalo lililonse kuti matenda ake anachokera kumgodi. Mzere wowongoka umatseka khomo limeneli. Umati malire a lamulo si poyambira vuto, ndi pamene anthu anagwirizana kuti kupyola apo n'kosapiririka, ndipo pansi pake mwini mgodi ali ndi udindo wotsitsabe mlingo mpaka pamene n'zotheka. Walira mvula walira matope, inde, koma matopewo asamagwere anthu amene mvulayo sinawathirire munda.

Koma ndi mlosi woipa tikautenga kupita nawo kumene sunapangidwire. Taonani masamu awa. Tiyerekeze anthu 20 miliyoni, aliyense wajambulidwa pachifuwa kamodzi. Pamodzi alandira masiveti 2,000, ndipo tikachulukitsa ndi 5 pa 100 tipeza imfa 100. Mutu wa nkhani m'nyuzipepala wapezeka kale: ekisileyi yapha anthu 100. Koma nambala imeneyi yabwera pochulukitsa kanthu kakang'ono kosatsimikizika ndi khamu lalikulu, ndipo ICRP yeniyeniyo, m'malangizo ake a 2007, inachenjeza kuti kuwerenga mitembo mwa njira imeneyi n'kosayenera. Kwa munthu mmodzi, ngakhale mzerewo utakhala woona mpaka pansi, kujambulidwa kamodzi ndi mpata umodzi mwa 200,000. Kuika zimenezo pa sikelo imodzi ndi chifuwa chachikulu chosapezeka msanga ndi kusewera ndi moyo. Mantha nawonso amapha. Pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima mu 2011, palibe amene anafa ndi matenda a cheza a mtundu wosaphonya uja, koma boma la Japan linalemba anthu oposa 2,000 m'chigawocho amene anamwalira chifukwa cha mavuto otsatira tsokalo ndi kusamutsidwa, ambiri a iwo okalamba ochotsedwa m'nyumba ndi m'zipatala zawo.

Kusiyana kwa wodwala ndi wantchito kuli pa amene akupindula. Wodwala amasenza kampata kakang'ono, phindu lalikulu n'kukhala lake lomwe. Funso loyenera kwa iye ndi limodzi: kodi chithunzichi chisintha chithandizo changa? Ngati yankho ndi inde, ajambulidwe. Funsoli limalemera kwambiri pa makina a CT, chifukwa kujambula m'mimba kamodzi kumafika mamilisiveti 8 kapena 10, mofanana ndi zithunzi za pachifuwa 80 kapena 100, ndipo ana amakhudzidwa ndi cheza kuposa akuluakulu. Mayi woyembekezera azinena asanalowe m'chipindamo. Wantchito wa ku mgodi ndi mlimi wokhala pafupi ndi mtsinje wochokera kumeneko amasenza mpata tsiku lililonse kwa zaka, phindu lalikulu n'kupita kwa ena. Iwowa ali ndi ufulu wofunsa manambala.

Mnzanga wina wa ku sekondale atandiuza kuti akufunsira ntchito ku migodi, sindinamuletse. Ndinamuuza zoti akafunse asanasaine. Kodi adzapatsidwa kachipangizo kovala pachifuwa koyeza mlingo wake? Kodi zotsatira zake adzazionetsedwa, zolembedwa m'mamilisiveti, kapena adzangouzidwa pakamwa kuti zili bwino? Kodi mlingowo ukuphatikiza fumbi ndi ladoni zimene wapuma, kapena cheza chochokera kunja kwa thupi chokha? Kodi tsiku losiya ntchito adzapatsidwa pepala la mlingo wake wonse kuti asunge? Kodi zovala za ntchito zimachapidwa komweko, kapena azipita nazo kunyumba kumene ana akusewera? Mawu akuti "muli pansi pa malire" si yankho lokwanira, chifukwa munthu wa mamilisiveti awiri ndi munthu wa mamilisiveti 19 onse ali pansi pa malire, koma malinga ndi lula imene malamulowo amagwiritsa ntchito, wachiwiriyo wasenza chiopsezo chochuluka pafupifupi kakhumi.

Chimene ndikufuna kwa AERA ndi kwa eni migodi ndi chosavuta: milingo ya antchito, ya mpweya ndi ya madzi ozungulira migodi izifalitsidwa chaka ndi chaka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, pambali pake patalembedwa malire a mamilisiveti 20 ndi a milisiveti imodzi kuti aliyense afananitse yekha. Akatswiri a ku Paris ndi ku Washington apitirize kukangana za mmene mzere ulili pafupi ndi ziro. Ife kuno, kaya mzerewo ndi wowongoka kaya wopindika, sitingauwerenge ngati sitikudziwa kuti munthu aliyense waima pati.